Katundu wafika wophwanyika: mumuuza bwanji sapulaya, nanga za inshuwalansi ziyenda bwanji? Mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene anzanga ooda katundu kunja amandifunsa pafupifupi mwezi uliwonse, ena pafoni usiku, mawu akunjenjemera, kontena itangotsegulidwa kumene. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi ndiye ndawaika pamodzi. Ndikukamba kwambiri za katundu wochokera ku China wodzera pa doko la Beira kapena Nacala kapena Dar es Salaam, za ku Joni ndazikhudza pang'ono chakumapeto.

Ndatsegula katundu ndapeza wina wasweka, ndiyambe ndi kuimbira sapulaya?

Ayi, sapulaya adikire kaye, ola limodzi silimupha. Choyamba ndi pepala limene dalaivala wa thiraki wakupatsani kuti musaine. Anthu ambiri amaluza ndalama pomwepa, dalaivala ali pachangu akuti bwana ndisainireni ndikagone ku Mwanza mawa ndiwoloke, inu mwasaina osalembapo kanthu, basi mwavomera kuti katundu wafika bwinobwino. Musanasaine lembani ndi dzanja lanu papepala lomwelo zimene mukuona, mwachitsanzo makatoni 9 onyowa, phaleti imodzi yapendekeka, makatoni 4 ong'ambika m'kona, muike tsiku ndi nthawi, dalaivala nayenso asaine pambali, kenako mujambule pepalalo asanapite nalo. Akakana kusaina lembani kuti wakana.

Kenako zithunzi, ndipo pali ndondomeko yake. Kontena isanatsegulidwe jambulani nambala ya kontena, siili ya pachitseko nambala yake ikuwerengeka, ndi paliponse pamene pabooka kapena papindika. Mutsegule chitseko mujambule katundu ali momwemo musanatsitse kalikonse. Ngati muli madzi, wina alowe mkati mutseke chitseko pang'ono aone ngati kudenga kukulowa kuwala, ndiye kuti pali chibowo. Vidiyo ya mphindi ziwiri yosadukiza imathandiza kuposa zithunzi 50 za zidutswa zili pansi, chifukwa chithunzi cha chinthu chosweka chili mugolosale mwanu sichinena kuti chinasweka liti.

Ndiye amene alipire ndi ndani, si sapulaya?

Apa mpamene ambiri amakhumudwa nane. Nthawi zambiri si sapulaya. Tengani invoisi yanu muone zilembo zitatu zimene zili pafupi ndi mtengo, mupeza EXW kapena FOB kapena CIF kapena CIP. Zilembozi zimachokera m'malamulo a malonda otchedwa Incoterms, amene akugwira ntchito pano ndi a 2020, ndipo zimanena malo enieni amene tsoka la katundu limachoka m'manja mwa wogulitsa kubwera kwa inu.

Pa EXW katundu ndi mutu wanu kuyambira pamalo a sapulaya pomwepo. Pa FOB ndi mutu wanu akangokwera m'sitima ku doko la kwawo, kaya ndi Shenzhen kaya Ningbo. Ndipo chimene anthu sakhulupirira ndikawauza ndi chakuti pa CIF ndi chimodzimodzi, tsoka limabwera kwa inu katundu akangokwera m'sitima kwawo konko, ngakhale sapulaya walipira sitima mpaka Beira. Kusiyana kwake nkwakuti pa CIF sapulaya amayenera kukugulirani inshuwalansi ndi kukupatsani setifiketi yake kuti zikavuta inuyo mukadandaule nokha ku kampani ya inshuwalansiyo. Ndiye mukamulembera kuti mwanditumizira zinthu zosweka bwezani ndalama zanga, iye angokuyankhani mwaulemu kuti katundu anachoka kuno ali bwino, ndipo pamalamulo sakulakwa.

Pali malo amodzi pamene mlandu umabwerera kwa iye, ndi pa nkhani ya kapakidwe, onani funso la makatoni ofewa pansipa.

Ngati salipira iyeyo, ndimuuziranji?

Chifukwa mapepala amene mukuwafuna ali ndi iyeyo. Setifiketi ya inshuwalansi ngati munagula pa CIF kapena CIP, zithunzi za tsiku limene ankapakira m'kontena, ndandanda ya katundu katoni ndi katoni, zonsezi ali nazo, ndipo mafakitale ambiri amajambula pamene akupakira kuti adziteteze okha, zithunzi zomwezo zimakuthandizani inu kusonyeza kuti katundu ananyamuka ali bwino ndipo wasweka panjira. Komanso mudzafuna kuti akupatseni mtengo wa zolowa m'malo, ndipo tisanamizane, mudzaodanso kwa iye chaka chamawa. Ndiye uthenga woyamba usakhale wa ndewu.

Ndimulembere chiyani kwenikweni?

Lembani pa imelo, WeChat kapena WhatsApp ikhale yongomukumbutsa kuti aone imelo, chifukwa imelo ili ndi tsiku ndipo mutha kuitumiza kwa a inshuwalansi monga umboni. Tsiku lomwelo kapena mawa lake. Mfundo zake ndi izi, muzitembenuze m'chilankhulo chimene mumalemberana naye:

Moni. Katundu wa invoisi nambala yakuti, kontena nambala yakuti, wafika ku Blantyre pa tsiku lakuti. Potsegula tapeza mapanelo a sola 18 mwa 120 magalasi ake atasweka, onse ali pa maphaleti awiri a kuchitseko. Siili inali yosaduka, nambala yake ikufanana ndi ya pa B/L, pepala la kampani ya sitima lonyamulira katundu. Talemba zimenezi pa pepala lolandirira katundu ndipo zithunzi taziika pamodzi ndi uthengawu. Katundu wosweka ndi zokutira zake sitinataye. Chonde titumizireni setifiketi ya inshuwalansi yosainidwa kumbuyo kuti ikhale m'dzina lathu, mutiuze dzina la ejenti amene tiyenera kumuitana kudzaona katunduyu, komanso mutitumizire zithunzi za tsiku lopakira. Mutiuzenso ngati dandaulo tipereke tokha ku kampani ya inshuwalansi kapena lidzere kwa inu. Chimene chachititsa sitinachidziwe, tikudikira lipoti la saveya wodzaona zowonongeka.

Mzere womalizawo musauchotse. Musalembe kuti ndi vuto la dalaivala kapena la sitima kapena la sapulaya musanadziwe, chifukwa mawu amenewo amadzakutsatani. Ndinaonapo munthu atalemba mwaukali kuti mwapakira mosasamala, imelo yomweyo inakafika kwa a inshuwalansi ndipo anaigwiritsa ntchito pomukanira. Anadzipha ndi mkondo wake womwe.

Kupatula sapulaya ndiuzenso ndani, ndipo ndili ndi masiku angati?

Anthu ena awiri, a inshuwalansi ndi onyamula katundu, ndipo onsewa muwauze molemba, kuimba foni kokha sikuwerengedwa.

A inshuwalansi muwauze msangamsanga, musadikire kuti muwerengere kaye zonse. Pa setifiketi pamakhala dzina la ejenti amene amaona za kuwonongeka m'dziko limene katundu akupita kapena loyandikana nalo, ameneyo ndi amene mumulembere, ngati inshuwalansi munagula konkuno uzani bulowoka amene anakugulirani inshuwalansiyo kapena kampaniyo.

Onyamula katundu ndiye kampani ya sitima, a thiraki, ndi ejenti amene anakonza ulendo wonse, alembereni onse kalata yowauza kuti katundu wawonongeka ali m'manja mwawo ndipo mudzawafunsa za chipukuta misozi. Pa katundu wa m'sitima ma B/L ambiri amatsata malamulo a Hague kapena Hague-Visby, amene amati ngati kuwonongeka kukuonekera kunja munene polandira pomwepo, ngati kunabisika mkati muli ndi masiku 3 okha, ndipo mlandu wa kukhoti uyambe chaka chisanathe. Mukaphonya masiku atatuwo sikuti zonse zathera pomwepo, koma lamulo limayamba kuganiza kuti katundu anafika bwino ndiye ntchito yotsutsa ili kwa inu. Pa ndege, pansi pa pangano la Montreal la 1999, ndi masiku 14 kuchokera tsiku lolandira, ndipo kumeneko mukaphonya nthawi zambiri mwaluza ndithu. Ine ndimangouza aliyense kuti tengani masiku atatu ngati lamulo lanu, zina zonse muziona pambuyo.

Ndilemberenji a sitima pamene ndili ndi inshuwalansi, si kuvutika kawiri kumeneko?

Si kuti a sitima akulipireni inuyo. Zimene iwo angalipire zili ndi malire, pa Hague-Visby amawerengera pa phukusi kapena pa kilo, osati pa mtengo umene munagulira, ndiye pa zinthu zodula koma zopepuka mumapeza zochepa kwambiri. Nkhani ndi yakuti a inshuwalansi akakulipirani amalowa m'malo mwanu nkukafunsa ndalama zawo kwa amene anaswa katunduyo, ndipo malamulo a inshuwalansi yanu amati ndi udindo wanu kusunga ufulu umenewo. Mukasaina pepala loyera, osalembera a sitima, mwawatsekera njira, ndipo akhoza kukuchepetserani ndalama pa chifukwa chimenecho. Kalata yake ndi ya mizere isanu basi.

Sapulaya wanditumizira setifiketi, ndiyang'anepo chiyani?

Zinthu zitatu, ndipo kunena zoona izi mumayenera kuziona katundu asananyamuke, koma poti tafika kale pano tiyeni.

Choyamba, ulendo wake walembedwa kuchokera kuti mpaka kuti. Kwa ife a dziko lopanda nyanja apa ndi pamene pagona nkhani. Setifiketi ikati Shanghai mpaka Beira, ndiye kuti msewu wonse wochoka ku Beira kudzera ku Tete, kukwera ku Zobue, kulowa pa Mwanza mpaka mu Limbe, katundu wanu amayenda opanda inshuwalansi, pamene mabampu ndi maenje ndi mabuleki adzidzidzi ali kumeneko. Chofunika ndi setifiketi yotchula Blantyre kapena Lilongwe kapena kumene kuli nyumba yanu yosungira katundu. Komanso dziwani kuti chitetezo chake chimatha pakapita masiku 60 katundu atatsitsidwa m'sitima, ngakhale asanafike kwa inu, ndiye kontena ikakhalitsa padoko chifukwa ndalama yokiliyira yachedwa, pemphani kuti akuwonjezereni masiku asanathe.

Chachiwiri, mtundu wa chitetezo. Mupeza palembedwa Institute Cargo Clauses ndi chilembo A, B kapena C. A ndiyo yotakata, imalipira pafupifupi ngozi iliyonse kupatula zimene azitchula kuti salipira. C ndiyo yopapatiza, imalipira zikuluzikulu monga moto, sitima kumira kapena kugunda, thiraki kugubuduzika, sitima ya pamtunda kuchoka m'njanji. Foloko lifiti ikabaya phaleti yanu, kapena mvula ikalowa pachibowo, kapena makatoni ena akabedwa, C sikupatsani ngakhale tambala. Ndipo pa CIF lamulo limangomukakamiza sapulaya kugula C, pokhapokha mutagwirizana zina, pamene pa CIP ya 2020 ayenera kugula A. Ambiri amangoona mawu oti inshuwalansi pa invoisi nkugona tulo.

Chachitatu, ndalama zake ndi ekisesi. Mwachizolowezi amaika mtengo wa invoisi kuphatikizapo 10 peresenti. Ekisesi ndi gawo limene mumasenza nokha pa dandaulo lililonse, onani chitsanzo pansipa.

Saveya ndi ndani, ndipo ndingagulitse katundu wabwinoyo asanabwere?

Saveya ndi munthu woima payekha amene amatumidwa kudzaona katundu, kuwerenga zowonongeka ndi kulemba chimene akuganiza kuti chinachititsa. Lipoti lake ndi limene a inshuwalansi amalikhulupirira kuposa mawu anu kapena a sapulaya. Nthawi zambiri mumayamba mwamulipira inuyo, ndalamayo nkudzaiphatikiza pa dandaulo likavomerezedwa, ndiye sungani lisiti. Ngati zowonongeka ndi zochepa a inshuwalansi ena amati zithunzi zakwana musaitane saveya, koma zimenezo akuuzeni iwo molemba, musadzigamulire.

Asanabwere, patulani zabwino ndi zowonongeka, zonyowa muziike poti ziume, zimene zingapulumuke zipulumutseni, chifukwa kungosiya katundu akuola kuti dandaulo likule amakukanirani gawo limenelo. Koma musataye kanthu, makatoni ophwanyika, zingwe, matabwa a phaleti, siili yodulidwa ija, zonse zikhale pakona. Anyamata otsitsa katundu amakonda kutola makatoni nkupita nawo, auzeni asakhudze. Katundu wabwino, funsani kaye saveya kapena a inshuwalansi, kawirikawiri akaona zithunzi ndi kuwerenga amakulolani kugulitsa. Ndipo a thiraki ndi a sitima muwaitane kuti adzakhalepo tsiku loona katundu, akapanda kubwera ndi zawo zimenezo, bola munawaitana.

Ndalama zake amawerengera bwanji? Ndipatseni chitsanzo

Titenge mapanelo a sola aja. Mwaoda 120 pa madola 60 imodzi, ndi madola 7,200, sitima ndi inshuwalansi 800, invoisi yonse 8,000. Setifiketi yalembedwa 8,800 chifukwa cha 10 peresenti ija, ndi ya chilembo A, mpaka Blantyre, ekisesi 250. Saveya wabwera wapeza kuti 18 ndi osweka osagwiranso ntchito, wapezanso kuti zingwe zomangira zinali bwino koma maphaleti awiri akusonyeza kuti anagundidwa mwamphamvu.

Mapanelo 18 mwa 120 ndi 15 peresenti. Ndiye 15 peresenti ya 8,800 ndi 1,320, kuchotsapo 250 kutsala madola 1,070, kuphatikizapo ndalama ya saveya ngati malamulo a setifiketi yanu akulola. Onani kuti sakuwerengera mtengo umene mukanagulitsira mu Limbe, phindu lanu lonse lili mu 10 peresenti ija basi. Ngati mapanelo ena angokandika felemu koma akuyaka, saveya amagwirizana nanu kuti atsika mtengo ndi peresenti yakuti, mumalandira gawo limenelo ndipo mapanelo amakhala anu. Oswekeratuwo musawagulitse kwa a zitsulo musanafunse, a inshuwalansi akhoza kuwatenga kapena kuchotsa mtengo wake pa ndalama zanu.

Tsopano tembenuzani chinthu chimodzi chokha, setifiketi yomweyo ikhale ya chilembo C. Thiraki sinagwe, sitima sinagunde, moto kunalibe. Mulandira ziro.

Nanga msonkho umene ndinalipira ku MRA pa katundu woswekayo?

Inshuwalansi siibweza pokhapokha ngati munauphatikiza pa ndalama za setifiketi pogula, ndipo setifiketi yogulidwa ndi sapulaya ku China kawirikawiri msonkho wa kuno mulibe. Ngati kuwonongeka kwaoneka katundu akadali m'manja mwa a kasitomu, uzani ejenti wanu wokiliya nthawi yomweyo kuti ofisala alembe zimene waona. Akatuluka pageti nkhani imalimba.

Nditumize mapepala ati kuti dandaulo liyende?

Setifiketi ya inshuwalansi, invoisi, ndandanda ya katundu, B/L kapena pepala la ndege, pepala lolandirira katundu lija munalembapo, zithunzi, lipoti la saveya, makalata amene munalembera onyamula katundu ndi mayankho awo ngati anayankha, ndi pepala lanu lowerengera ndalama zimene mukufuna. Ngati thiraki inachita ngozi kapena katundu anabedwa pafunikanso lipoti la apolisi a dera limene zinachitikira. Tumizani zonse pakamodzi mu imelo imodzi, kutumiza pepala limodzi lero lina sabata yamawa ndi kumene kumapangitsa fayilo kugona m'kabati. Mupemphe nambala ya dandaulo lanu ndipo muziitchula nthawi zonse.

A inshuwalansi akana akuti katundu sanapakidwe bwino, makatoni anali ofewa. Nditani?

Ichi ndi chifukwa chimene amakanira kwambiri, ndipo ngakhale chilembo A sichilipira katundu wowonongeka chifukwa cha kapakidwe kosakwanira ulendo wamba, makamaka ngati kupakako kunachitika inshuwalansi isanayambe kugwira ntchito. Sichilipiranso kuchedwa, kapena chinthu kuwonongeka chokha mwa chibadwa chake monga chakudya kuvunda.

Choyamba pemphani kuti akukanireni molemba ndi kutchula ndime imene aimirapo, mupemphenso lipoti la saveya lonse. Kenako muwerenge bwino. Zizindikiro zimaoneka, ngati makatoni apansi onse aphwanyika mofanana kontena yonse pamene kunja kulibe chilema, ndi kapakidwe kameneko, anasanjikiza mopitirira kapena katoni ndi yopyapyala. Ngati kusweka kuli mbali imodzi, phaleti ili ndi bala, kapena kontena yapindika pakona, imeneyo ndi ngozi ndipo mutha kutsutsa, apa mpamene zithunzi za tsiku lopakira zija zimagwira ntchito.

Lipoti likanena zoona kuti vuto ndi kapakidwe, mpira wabwerera kwa sapulaya, chifukwa kupakira katundu moyenera ulendo ndi udindo wake ngakhale pa FOB. Tsopano mutha kumulembera uthenga wachiwiri, lipoti la saveya mutaliika pamodzi, kuti a inshuwalansi akana pa chifukwa ichi, tikupempha mutibwezere mtengo wa zowonongeka. Ndalama yeniyeni sabweza kawirikawiri, chimene ambiri amavomera ndi kukuchotserani pa oda yotsatira kapena kuikamo zolowa m'malo ulere, ndipo mukavomera zimenezo zilembedwe ndi nambala zake. Ngati munalipira kudzera pa Trade Assurance, njira yotetezera ogula ya Alibaba, tsegulaninso dandaulo kumeneko msanga, nthawi yake ili ndi malire. Ngati kampani ya inshuwalansi ndi ya kuno ndipo mukuona kuti akukuponderezani, madandaulo amapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi.

Sapulaya akuti musavutike ndikutumizirani zina, ndisiye za inshuwalansi?

Musasiye mpaka zinazo zitafika. Malonjezo a pa WeChat amatha kuzizira, masiku a dandaulo akupita. Koma musalandire kawiri pa chinthu chimodzi, akakubwezerani sapulaya auzeni a inshuwalansi, kubisa zimenezo ndi chinyengo ndipo zikadziwika mumaluza dandaulo lonse.

Ine ndimatumiza kudzera kwa ejenti wophatikiza katundu wa anthu ambiri, kapena pa thiraki yochokera ku Joni, zikundikhudza?

Zikukukhudzani, ndipo inu ndi amene muli poyera kwambiri. Maejenti amene amalipiritsa pa kilo kapena pa kukula kwa katundu ku Guangzhou ndi ku Yiwu, mtengo wawo nthawi zambiri mulibe inshuwalansi, ndipo sapulaya anathana nanu pamene anatula katundu kunyumba yawo yosungira, setifiketi yoti mumufunse palibe. Chimene mungamufunse sapulaya ndi lisiti limene ejenti anamusainira polandira, likasonyeza kuti makatoni analowa ali bwino ndiye nkhani yanu ili ndi ejenti. Tembenuzani lisiti la ejentiyo muwerenge timalemba ta kumbuyo, mupeza malire a zimene amalipira.

Za ku Joni ndi chimodzimodzi, a mathiraki ambiri amanyamula pa mfundo yakuti tsoka ndi la mwini katundu, ndipo akakuuzani kuti tili ndi inshuwalansi ya katundu wa panjira funsani kuti imalipira chiyani, nthawi zambiri ndi ngozi ya thiraki, moto ndi kulandidwa, pa ndalama imodzi yogawana katundu yense wa m'thirakimo. Filiji yanu ikaphwanyika chitseko chifukwa wina anaikapo matayala pamwamba pa Beitbridge, mulibemo. Mayi wina anabwera kwa ine ndi mafiliji atatu otero, tinalemba makalata onse bwinobwino, chimene anapeza ndi kuchotseredwa mtengo wonyamulira pa ulendo wotsatira basi, ndipo mafilijiwo anawagulitsa motchipa kwa wokonza mafiliji ku Ndirande.